Vayirasi ya pa fulashi ndi khola loiyeseramo

Ku Mchengautuwa kuno ndi anthu ochepa omwe ali ndi pirinta kunyumba. Munthu akafuna kusindikiza kalata yofunsira ntchito, kapena asayimenti ya ku koleji, amanyamula fulashi n'kupita nayo pamashopu a fotokope, pomwe kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu onse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndiye sizodabwitsa kuti matenda omwe timakumana nawo kwambiri si aja omveka m'nyuzi, monga omwe a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo mu February 2024 kuti agwira makina osindikizira mapasipoti. Athu ndi aja a mafayilo osanduka mashotikati.

Mphunzitsi wina wa m'dera lino adabwera kwa ine ndi fulashi yotere. "Achimwene, mayeso onse a ana ali umu, koma taonani tizithunzi tonse tamera mivi," adatero. Mafayilo ankatsegukabe akawadina, n'chifukwa chake adakhala nayo milungu ingapo osadandaula. Kubwezeretsa mafayilo ake inali ntchito ya mphindi ziwiri. Funso lenileni linali lina: kanthu kameneka, komwe kalowa kale pa laputopu yawo ndi ya kusukulu, kamachita chiyani kuseri? Kodi kangobisa mafayilo, kapena kamatumizanso zinthu kwa munthu wina? Yankho la funso limeneli ndi lomwe limatiuza ngati kupukuta fulashi n'kokwanira kapena tiyenera kufufuta kompyuta yonse ndi kusintha mapasiwedi.

Pali njira ziwiri zopezera yankho. Yoyamba akatswiri amaitcha sitatiki: kuunika pulogalamu ili chigonere, kuiwerenga m'kati osaiyatsa. Yachiwiri ndi dayinamiki: kuiyatsa dala pamalo otchingidwa n'kumaonerera zomwe ikuchita. Ophunzira ambiri amafunsa kuti yabwino ndi iti, ngati kuti munthu ayenera kusankha imodzi. Nkhani ya fulashi ya aphunzitsi aja ionetsa kuti iliyonse ili ndi diso limodzi, ndipo pomwe ina siona ndi pomwe inzake imaona. Koma zonse ziwiri zimafuna khola, choncho tiyambire pamenepo.

Aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti yogula kumsika saiponya m'khola la zinzake tsiku lomwelo, kuopa chitopa. Khola lathu ndi makompyuta awiri ongoyerekeza omwe amakhala m'kati mwa laputopu yeniyeni, kudzera mu pulogalamu yaulere ya VirtualBox. Woyamba ndi wa Windows 10, ndiye wodwalitsidwa. Wachiwiri ndi REMnux, mtundu wa Linux womwe Lenny Zeltser adayambitsa mu 2010 wodzaza kale ndi zida zounikira. Ntchito yake ndi kuwerenga mafayilo komanso kunamizira kuti iye ndiye intaneti. Laputopu ya kaunjika ya 8 GB imakwanitsa movutikira: 4 GB kwa Windows, 2 GB kwa REMnux, yotsalayo kwa mwininyumba. Ngati VirtualBox ikukana kuyatsa makina a 64-bit, kawirikawiri vuto ndi lakuti VT-x kapena AMD-V ndi yozimitsa mu BIOS. Kudawuniloda zonsezi kumadya magigabayiti ambiri, ndiye si ntchito ya bandulo ya tsiku limodzi, koma ukachita kamodzi watha.

Malo omwe khola limabowokera kwambiri ndi pa netiweki, ndipo pano m'pofunika kudekha. VirtualBox imapereka njira zingapo zolumikizira makina, ndipo yomwe imadzisankha yokha ndi NAT. NAT imatulutsa makinawo kupita pa intaneti yeniyeni kudzera pa laputopu yako. Ukayatsa vayirasi pamenepo, iitana mwini wake ndithu, ndipo iye adziwa adiresi yako n'kuyamba kulamula. Bridged Adapter ndiyo yoopsa kuposa: imaika makina odwalawo pa rawuta kapena pa hotisipoti ya foni ngati kompyuta ina iliyonse ya m'nyumbamo, maso ndi maso ndi laputopu ya mlongo wako. WannaCry ya mu May 2017 sinkadikira kuti munthu adine kanthu. Inkadzikankha yokha kupita pa kompyuta iliyonse ya Windows yosakonzedwa yomwe yatsegula poti 445. Host-only Adapter imatseka intaneti koma imasiya khomo lopita kwa mwininyumba, yemwe nthawi zambiri amaoneka pa 192.168.56.1. Yomwe tikufuna ndi Internal Network, waya wongoyerekeza womwe uli ndi mbali ziwiri zokha, Windows ndi REMnux, osakhudza ngakhale laputopu yomwe yawanyamula.

```
VBoxManage modifyvm "Win10" --nic1 intnet --intnet1 khola
VBoxManage modifyvm "REMnux" --nic1 intnet --intnet1 khola
```

Uonetsetse kuti adaputa yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi ndi zozimitsa. Ndidagwapo m'mbuna imeneyi ndekha: ndidayatsa adaputa yachiwiri ya NAT kuti ndidawunilode chida china, n'kuiwala. Chomwe chidandipulumutsa ndi chizolowezi choyesa mpanda ndisanayatse kanthu.

Pa waya umenewu palibe wogawa maadiresi, ndiye umalemba wekha. REMnux ndimaipatsa 10.10.10.1, Windows 10.10.10.2, ndipo mu Windows pomwe palembedwa Default gateway ndi Preferred DNS server ndimaikapo 10.10.10.1 ponse pawiri. Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse chomwe vayirasi ifunse, ifunsa REMnux. Kumeneko kuli pulogalamu ya INetSim, yomwe imayankha dzina lililonse la webusayiti ndi adiresi yake yomwe, n'kupereka tsamba labodza kwa wopempha aliyense. Mu fayilo ya /etc/inetsim/inetsim.conf mizere itatu iyi iyenera kukhala yopanda # kutsogolo:

```
start_service dns
service_bind_address 10.10.10.1
dns_default_ip 10.10.10.1
```

Kuyesa mpanda n'kosavuta. Uli mu Windows ya m'khola, `ping 10.10.10.1` iyankhe. `ping 8.8.8.8` ilephere, ndipo kupinga adiresi ya laputopu yako yeniyeni kulepherenso. `nslookup google.com` ibweze 10.10.10.1. Ikabweza nambala ina, imani pomwepo, khola labowoka.

Pali timabowo tina tating'ono tomwe timabwera ndi ufulu wogwira ntchito mosavuta. Shared Folders imapatsa makina odwala foda ya pa laputopu yeniyeni, ndipo vayirasi yomanga mafayilo kuti ulipire dipo imamanga ndi za mmenemo zomwe. Isakhalepo n'komwe. Shared Clipboard ndi Drag'n'Drop zikhale pa Disabled. VirtualBox yokhayo izikhala yatsopano, chifukwa mpanda wake nawo udapezekapo ndi ming'alu: mu 2015 chilema chotchedwa VENOM, cha m'kachigawo koyerekeza diski ya fulope, chinkalola pulogalamu kutuluka m'makina ongoyerekeza, ndipo VirtualBox inali m'gulu la okhudzidwa. Zotere sizichitikachitika ndi mavayirasi a pa fulashi, komabe ine laputopu yomwe ndimalowera ku banki sindiyo yomwe ndimawetera zilombo.

Ukaika zida mu Windows, Procmon, Process Explorer ndi Autoruns za Sysinternals pamodzi ndi Regshot, n'kuzimitsa Windows Defender ndi Tamper Protection yake kuti isameze chinthu usanachione, zimitsa makinawo ujambule mmene alili:

```
VBoxManage snapshot "Win10" take "yoyera"
VBoxManage snapshot "Win10" restore "yoyera"
```

Mzere woyamba umasunga, wachiwiri umabwezera pambuyo pa kuyesa kulikonse, osati pambuyo pa kuwiri. Ukayesa vayirasi yachiwiri pamwamba pa yoyamba sudzadziwa kuti wachita chakuti ndani. Ndipo poti magetsi kuno amapita osatsanzika, pa laputopu yakufa batire ndi bwino kujambula makina ali ozimitsa ndi kusunga kope lake pa diski ina.

Tsopano fulashi ya aphunzitsi. Ndidailowetsa ku REMnux yokha kudzera pa Devices, USB, osatsegula chilichonse pa laputopu yeniyeni. Linux salabadira chizindikiro chobisira mafayilo cha Windows, ndiye zonse zidaonekera poyera: mafayilo awo enieni ali bwinobwino, pambali pa lililonse pali mnzake wothera ndi .lnk, ndipo pakati pawo pali mlendo mmodzi wothera ndi .vbs.

Kuunika kwa chigonere kumayamba ndi mafunso otsika mtengo.

```
sha256sum mlendo.vbs
file mlendo.vbs
exiftool Mayeso.lnk
```

Lamulo loyamba limapereka hashi, chidindo cha zilembo ndi manambala 64 chomwe chimasinthiratu fayilo ikasintha ngakhale pang'ono. Hashiyo ndi yomwe umakafufuza pa VirusTotal, pa foni kapena pa kompyuta ina. Fufuzani hashi, musatumize fayilo mwachisawawa: zomwe zatumizidwa kumeneko makampani olipira amatha kuzitenga, ndipo ngati ndi chikalata cha Word chokhala ndi maina ndi malikisi a ana, mwaulutsa za eni. Hashi ya mlendo wathu sidapezeke. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi wosalakwa; mavayirasi a mtundu uwu amavekedwa malaya atsopano ndi aliyense wowagwiritsa ntchito, ndipo malaya atsopano ndi hashi yatsopano.

Shotikati ndiyo idaulula msampha. M'malo moloza ku chikalata, inkaloza ku cmd.exe ndi mawu awa:

```
/c start mlendo.vbs&start Mayeso.docx&exit
```

Ndiye kuti munthu akadina, vayirasi imayamba kaye, kenako chikalata chake chimatseguka monga mwa masiku onse. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Taonani kuti tadziwa kale mmene imalowera, tisanayatse kanthu.

Fayilo ya .vbs ndi malemba wamba, ya chilankhulo cha VBScript, choncho ndimayembekezera kuiwerenga ngati kalata. Ndidapeza mzere umodzi wautali wa manambala olekanitsidwa ndi chizindikiro, kachigawo kosandutsa nambala iliyonse kukhala chilembo ndi `Chr`, ndipo kumapeto `ExecuteGlobal`. Apa ndi pomwe sitatiki imapunthwa. Pulogalamu yeniyeni yakulungidwa, imadzimasula pokhapokha ikayamba kuyenda. Pa mafayilo a .exe zimachitikanso chimodzimodzi ndi zida zopanikizira monga UPX: lamulo la `strings` limangotulutsa zinyalala, ndipo muyezo wa kusokonekera kwa mabayiti, womwe umathera pa 8, umakwera kupitirira 7.

Mankhwala ake pa VBScript ndi opepuka moseketsa. Pa kope la fayiloyo, pomwe palembedwa `ExecuteGlobal` umaikapo `WScript.Echo`, ndiye kuti m'malo mochita zomwe yamasula, izisindikiza pa sikirini. Koma samalani: apa mwayamba kuiyendetsa, ndipo ngati pali `Execute` ina yomwe simunaione, ichita ndithu. N'chifukwa chake zimenezi zimachitikira mu Windows ya m'khola. Ndidaikulunga mu zipi ya pasiwedi `infected`, monga amachitira onse pa ntchito imeneyi kuti wina asaitsegule mwangozi, n'kuitumiza kuchokera ku REMnux ndi `python3 -m http.server 8000`. Nditayendetsa kopelo ndi `cscript`, mudatuluka mtolo wina wokulungidwanso, ndipo nditabwereza kachiwiri mpamene padaoneka mizere yowerengeka.

Pamwamba penipeni panali `host`, `port` ndi `installdir`, ndipo pansi pake mawu akuti `is-ready` ndi chizindikiro cha `<|>`. Amenewa ndi mabala odziwika a banja la H-worm, lomwe ena amalitcha Houdini kapena Dunihi, lomwe kampani ya FireEye idalifotokoza mu 2013. Zaka zonsezi likadayendabe m'mafulashi athu. Powerenga ndidaona mndandanda wa malamulo omwe limadikira kuchokera kwa mbuye wake: kutenga fayilo pa kompyuta n'kuitumiza, kudawuniloda pulogalamu ina n'kuiyatsa, kuonetsa zomwe zili m'mafoda, kuyendetsa lamulo lililonse la cmd, kufufuta. Funso la aphunzitsi lidayankhidwa pamenepo. Aka si kobisa mafayilo chabe, ndi khomo lakuseri.

Wina angafunse kuti nanga kuiyatsa n'kwachiyani, poti tawerenga zonse? Chifukwa kuwerenga kumakuuza zomwe pulogalamu ingathe, osati zomwe imachitadi pa Windows ya lero, ndi maina ati, pamalo ati. Wokonza kompyuta amafuna malo enieni okachotsa.

Ndidabwezera makina pa "yoyera", n'kutenga chithunzi choyamba cha Regshot, kuyatsa Procmon ndi sefa ya `Process Name is wscript.exe`, ndipo ku REMnux ndidayatsa INetSim ndi Wireshark. Kenako ndidadina mlendo weniweni. Pa sikirini sipadaoneke kalikonse. Mu Procmon ndiye munali chipwirikiti: wscript.exe idakopera mlendoyo ku foda ya %TEMP% ndi ku foda ya Startup, n'kulemba dzina lake pansi pa `HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Run` kuti izidzuka nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Chithunzi chachiwiri cha Regshot chidatsimikiza zomwezo. Popanda sefa ija Procmon imalemba mizere zikwizikwi pa mphindi imodzi, ndipo woyamba kumene amamira.

Wireshark idaonetsa kufunsa dzina la seva, INetSim n'kuyankha, kenako kugogoda pa poti 81 kobwezedwa mobwerezabwereza. INetSim imadikira mawebusayiti pa poti 80, pomwe vayirasi imagogoda khomo lina. Ndikadapanda kuwerenga `port` m'malemba muja ndikadataya nthawi. Ndidangosintha `http_bind_port` kukhala 81 n'kuyambanso. Apo ndiye idalankhula: `POST /is-ready` masekondi 5 aliwonse, ndipo m'gawo la User-Agent idanyamula nambala ya diski, dzina la kompyuta, dzina la mwini wake, mtundu wa Windows ndi dzina la antivayirasi, zolekanitsidwa ndi `<|>`. Dzina la sevalo linali la mtundu wa maina aulere omwe munthu amatha kusuntha adiresi yake tsiku lililonse, sindililemba pano.

Chochititsa chidwi ndi zomwe sizidaoneke. Kwa theka la ola sindidaone shotikati ngakhale imodzi ikupangidwa, chikhalirecho ndi chomwe chidabweretsa fulashiyo kwa ine. Chifukwa chake chili m'malemba: vayirasi imayendera madiski onse n'kugwira okhawo omwe `drivetype = 1`, kutanthauza ochotseka, ndipo m'khola mwanga munalibe otere. Nditalowetsa fulashi yakale yopereka nsembe, yokhala ndi mafayilo abodza, m'masekondi ochepa onse adamera mivi. Malamulo akuba mafayilo nawo sadachitike ngakhale limodzi, poti tsamba labodza la INetSim silifanana ndi lamulo lililonse la mbuye wake. Munthu wodalira kuonerera kokha akadalemba lipoti loti kanthuka kamangodzikopera n'kumalira pa netiweki.

Umenewu ndi malire aakulu a dayinamiki: umaona njira imodzi yokha yomwe pulogalamu yayenda tsiku limenelo. Zina zimachita kubisala dala. Zimayang'ana ngati VBoxService.exe ikuyenda, kapena ngati adiresi ya kadi ya netiweki ikuyamba ndi 08:00:27, chomwe ndi chizindikiro cha VirtualBox, kapena ngati foda ya Documents ili mbuu ngati ya kompyuta yosakhalamo munthu, ndipo zikakayika zimagona tulo. Zina zimangodikira ola lathunthu zisanayambe. WannaCry yomwe ija ili ndi phunziro lake apa. Isanachite kanthu inkayesa kufikira dzina lina lalitali la webusayiti lomwe kunalibe. Ikalephera inkapitiriza kuwononga, ikayankhidwa inkaleka. Marcus Hutchins atalembetsa dzinalo pa 12 May 2017, kufala kwake kudaima. Ndiye mukaiyatsa m'khola momwe INetSim ikuyankha dzina lililonse, imangotuluka mwaulemu ngati mwana wabwino. Kuti muione ikugwira ntchito muyenera kuzimitsa INetSim. Khola lomwelo lomwe lidalankhulitsa mlendo wathu limatseka pakamwa pa WannaCry, ndipo chokuuzani choti muyatse kapena muzimitse ndi kuwerenga.

Pa ine ndekha, ndimayamba ndi chigonere nthawi zonse, chifukwa n'kotchipa ndipo sikuluma, n'kupita kokayatsa ndikafika pa mtolo wosamasuka kapena ndikafuna maina enieni a malo, kenako n'kubwerera kukawerenga ndili ndi mafunso atsopano. Pa .exe yeniyeni ulendo wobwererawo ndi wautali, umafuna Ghidra, chida chomwe bungwe la NSA la ku America lidatulutsa kwaulere mu 2019, ndi miyezi yophunzira chilankhulo cha purosesa. Wophunzira wa ku Mzuni kapena ku MUST yemwe akufuna poyambira, mavayirasi a malemba ngati awa ndiwo sukulu yabwino, ndipo sasowa. Ingokumbukirani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowetsa vayirasi mu kompyuta ya wina ndi kulowa m'makina a eni popanda chilolezo. Kukagogoda pa seva ya mbuye wa vayirasi kuti "muone" si gawo la ntchito. Ngati nkhani yakhudza ofesi kapena sukulu, dzina la seva ndi hashi zimapita ku Malawi CERT, yomwe ili pansi pa MACRA.

Kwa aphunzitsi aja ntchito idayenda motsatira zomwe khola lidaonetsa. Dongosolo lake ndi lofunika, chifukwa vayirasi ikadali moyo imabwezera chilichonse chomwe wachotsa m'masekondi ochepa. Choyamba kuipha, kenako kuchotsa makope a ku %TEMP% ndi ku Startup pamodzi ndi mzere wa ku Run kudzera mu Autoruns, ndipo pomaliza fulashi:

```
taskkill /f /im wscript.exe
attrib -h -s -r /s /d E:\*.*
del /s E:\*.lnk
```

E: ndi chilembo cha fulashi, ndipo .vbs ya pamenepo imafufutidwanso. Komabe ndidawauza kuti laputopu yawo, poti idakhala pa intaneti milungu ingapo khomo lili pululu, sitingadziwe zina zomwe zidalowetsedwamo. Tidasunga zikalata zawo zokha, n'kuika Windows yatsopano, ndipo mapasiwedi a imelo adasinthira pa foni. Ya kusukulu, yomwe sinalumikizidwepo pa intaneti, tidangoipukuta. Patatha masiku anayi adabweranso ndi fulashi yomweyo, mivi ili mbwee, atachokera kosindikiza mayeso. Pano amatumiza zosindikiza pa WhatsApp ngati PDF, ndipo mwini shopu yomwe amasindikizako adavomera kuti ndikaione kompyuta yake Lamlungu masana, makasitomala kulibe.